Mwana wandifunsa ngati Yesu anafadi pamtanda, m'kalasi muli Akhristu ndi Asilamu: za zikondwerero ndiphunzitse bwanji?

Nachisale (Balaka):
Aphunzitsi anzanga, ndipatseniko nzeru. Ndimaphunzitsa Sitandade 6 pa sukulu ina ya boma kuno ku Balaka, ndipo ana alipo 84. Asilamu akupitirira 30, otsalawo ndi Akatolika, a CCAP, a Sabata, a mipingo ya Pentekosite, ndi awiri a Mboni za Yehova. Sabata ino tili pa mutu wa zikondwerero za zipembedzo. Lolemba ndinayamba ndi Pasaka. Nditangotchula za Lachisanu Loyera, mnyamata wina anakweza mkono n'kunena kuti ku madarasa anawaphunzitsa kuti Yesu sanapachikidwe, ndiye akufuna ndimuuze ngati anafadi. Kumbuyo kunabuka phokoso, ena akuti "wabodza iwe", anzake a mnyamatayo nawo akumuikira kumbuyo. Nthawi inatha tisanagwirizane kanthu, ndipo ndinawauza kuti tidzapitiriza Lachinayi.

Ine ndine Mkatolika, ndimaimba kwaya, ndipo ana onse akudziwa. Sindikufuna kukana chimene ndimakhulupirira, komanso sindikufuna mwana wa eni apite kwawo akudandaula kuti madamu anyoza chipembedzo chathu. Lachinayilo ndikayambire pati?

Gondwe:
Madamu, musadzivute. Auzeni kuti Mulungu ndi mmodzi, tonse timapemphera kwa yemweyo, njira zokha n'zimene zimasiyana. Asilamu ali ndi Ramazani, ife tili ndi Lenti. Iwo ali ndi Idi, ife tili ndi Khirisimasi. Zonse n'chimodzimodzi. Za mtandazo zilumpheni, mwana wa Sitandade 6 sangazimvetse.

Abiti Saidi (Ntaja):
A Gondwe, mtima wanu ndi wabwino, koma mukawauza ana kuti zonse n'chimodzimodzi, woyamba kukutsutsani adzakhala mwana wachisilamu, wachiwiri Mkatolika. Ine ndine Msilamu ndipo ndimaphunzitsa Sitandade 7. Kufunga kwa Ramazani ndi kusadya, kusamwa ngakhale dontho la madzi, kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, tsiku lililonse kwa masiku 29 kapena 30. Timadzuka usiku kudya daku, madzulo timamasula ndi futali. Lenti sili choncho, a Nachisale anena okha. Ndipo Idi si Khirisimasi ya Asilamu. Khirisimasi ikukumbukira kubadwa kwa munthu, pamene Idi yotseka Ramazani ndi kuthokoza Mulungu kuti tamaliza kufunga. Mwana ukamuuza kuti chikondwerero chake ndi "Khirisimasi ya kwanu", wamuuza kuti chenicheni ndi cha anzake, chakecho n'chongotengera.

Nachisale (Balaka):
Zoona, mayi. Kwathu Lenti ndi masiku 40 osawerengera masiku a Lamulungu, kuyambira Lachitatu la Phulusa. Masiku olamulidwa kusala kudya ndi awiri okha, Lachitatu la Phulusalo ndi Lachisanu Loyera, ndipo madzi timamwa. Lachisanu lililonse la mu Lenti sitidya nyama. Zina munthu amadzisankhira yekha zoti adzimane. Ndipo ana a Pentekosite ndi a Sabata a m'kalasi mwanga Lenti saidziwa n'komwe.

Bambo Mbewe (mphunzitsi wamkulu wopuma):
A Nachisale, funso la mnyamatayo si vuto, ndiye phunziro lenileni. Mwanayo sananame. Wanena zimene zili mu Kurani, sura 4 ndime 157, pamene pakunena kuti sanamuphe ndipo sanamupachike, koma zinaoneka choncho kwa iwo. Amene anamukuwizawo nawo sananame pa za chikhulupiriro chawo, chifukwa Mateyu, Maliko, Luka ndi Yohane onse akusimba za imfa ya Yesu pamtanda. Ntchito yanu si kugamula kuti wolondola ndani. Ntchito yanu ndi yakuti pofika belu, mwana wachikhristu athe kunena molondola zimene Msilamu amakhulupirira, ndipo wachisilamu athe kunena molondola zimene Mkhristu amakhulupirira, mpaka mwini wakeyo avomereze kuti "eya, timatero".

Choyamba, chiganizo chilichonse cha chikhulupiriro chikhale ndi mwini wake. Musanene kuti "Yesu anauka tsiku lachitatu". Nenani kuti "Akhristu amakhulupirira kuti Yesu anauka tsiku lachitatu". Musanenenso kuti "Kurani inatsika m'mwezi wa Ramazani", koma "Asilamu amakhulupirira kuti Kurani inayamba kutsika m'mwezi wa Ramazani". Zikumveka zazing'ono, koma ana amamva msanga. Mphunzitsi amene pa za mpingo wake amati "ife timatere" koma pa za ena amati "akuti iwo amati", ana amamuzindikira tsiku lomwelo. Ndinkati ndikakhala kumbuyo kwa kalasi kuonerera mphunzitsi, ndimamvetsera mawu awiri amenewa, "ife" ndi "iwo". Akachuluka, ndinkadziwa kuti gawo lina la kalasi lasanduka alendo.

Chachiwiri, zikondwerero zonse muzifunse mafunso ofanana. Jambulani mizere pa bolodi. Pamwamba lembani Pasaka ndi Idi. M'mbali lembani mafunso anayi: chimachitika liti, chikukumbutsa chiyani, anthu amachita chiyani ku malo opempherera, ndipo kunyumba kumachitika zotani. Mukatero simungathere mphindi 30 pa Pasaka n'kusiyira Idi mphindi 5 zomaliza ana akulongedza makope, chifukwa mabokosi opanda kanthu aja akhala akukuyang'anani.

Nachisale (Balaka):
Zikomo kwambiri, bambo. Nanga akandifunsa maso ndi maso kuti "inuyo madamu mumakhulupirira ziti?" Chifukwa mnyamata ameneyu sachita mantha, afunsa ndithu.

Bambo Mbewe (mphunzitsi wamkulu wopuma):
Muyankheni mwachidule ndipo musaname. "Ine ndine Mkhristu, ndimakhulupirira kuti anafa ndipo anauka. Mayi ako ndi a shehe amakhulupirira kuti Mulungu anamukweza kwa Iye osapachikidwa. Nkhani imeneyi Akhristu ndi Asilamu akhala akusiyana kwa zaka zoposa 1,000, ndipo sitiithetsa ife lero. M'kalasi muno tikuphunzira kuti aliyense amati chiyani." Basi, n'kubwerera ku bolodi. Chimene simuyenera kuchita ndi kuwonjezera zifukwa zoti inu ndinu wolondola. Inu muli ndi choko, muli ndi malikisi, mwanayo ali ndi zaka 12. Mtsutso wa anthu awiri otere sungakhale wachilungamo.

Kamanga:
Pepani, ine pano ndikutsutsa. Ndine mkulu wa mpingo komanso mphunzitsi. Kunena kuti "Akhristu amakhulupirira" ngati ine ndili kunja, ngati ndikusimba za anthu ena achilendo, kwa ine kukumveka ngati kuchita manyazi ndi Ambuye wanga. Sukulu zambiri za dziko lino anayambitsa ndi amishoni. Bwanji lero tiziopa kunena choona m'makalasi amene makolo athu anaumbira njerwa?

Bambo Mbewe (mphunzitsi wamkulu wopuma):
A Kamanga, mbiri ya amishoni sindikuikana, inenso ndinaphunzira sukulu ya mishoni. Koma taganizani mwana wanu atakhala pa sukulu ina ku Mangochi kumene aphunzitsi ambiri ndi Asilamu. Mphunzitsi aime kutsogolo anene kuti "choona ndi chakuti Yesu sanapachikidwe, lembani m'makope". Mungagone? M'mawa mwake mungakhale pa khomo la ahedi. Chimene mungafune kuti mphunzitsi ameneyo achite kwa mwana wanu, ndi chomwecho chimene a Nachisale ayenera kuchita kwa ana 30 aja. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino likupereka ufulu wa chipembedzo kwa munthu aliyense, ndipo mwana ndi munthu. Komanso kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi pafupifupi 14 pa anthu 100 alionse m'dziko muno, ndipo ku Mangochi ndi ku Machinga ndiwo ochuluka. Kalasi ngati ya a Nachisale si yachilendo.

Pali kusiyananso pakati pa phunziro la Baibulo ndi phunziro la zipembedzo. Ngati sukulu yanu inasankha la Baibulo, mukuphunzitsa zimene Baibulo likunena. A Nachisale ali pa la zipembedzo, limene limakhudza Chikhristu, Chisilamu ndi chipembedzo cha makolo.

Kamanga:
Za mwana wanga ku Mangochi ndazimva, ndipo zandigwira. Komabe mtima wanga sunakhazikike. Ndikuona ngati ana akamva zonse zitayalidwa pa mzere umodzi, adzaganiza kuti palibe choona, ungosankha chimene wakonda.

Abiti Saidi (Ntaja):
A Kamanga, mantha amenewo makolo achisilamu ali nawonso, mwina kuposa inu. Agogo athu ambiri sanapite kusukulu chifukwa makolo awo ankaopa kuti akabwerako atasintha dzina ndi chipembedzo. Mpaka lero kuno kuli azibambo amene akangomva kuti mwana waphunzira za Pasaka amafunsa kuti "akukutembenuzani?" Chimene ndaona ine n'chakuti mwana amene akumva chikhulupiriro cha kwawo chikufotokozedwa molondola ndi mphunzitsi wa chipembedzo china, sachitaya. Amakhala ndi mtima pansi, ndipo amamvetsera za anzake mopanda mantha.

A Nachisale, nazi zoti muike m'mabokosi a Idi. Tsiku lake ndi loyamba la mwezi wa Shawali, ukangooneka mwezi watsopano Ramazani itatha. M'mawa anthu amasamba, amavala zovala zawo zabwino, amadya kanthu asanatuluke posonyeza kuti kufunga kwatha, kenako amapita ku swala ya Idi, ku mzikiti kapena pa bwalo. Swalayo ikatha pamakhala ulaliki. Isanayambe swala, mutu wa banja amapereka zaka ya fitiri, chakudya cha pafupifupi makilogalamu awiri ndi theka kapena atatu pa munthu aliyense wa m'banjamo, ngakhale khanda, kuti osauka nawo adye tsikulo. Kuno ambiri amapereka chimanga kapena mpunga. Masana ndi mpunga wa nyama, kuyendera abale, kupemphana chikhululuko. Musaiwale kunena kuti Idi zilipo ziwiri. Inayo imabwera patapita miyezi iwiri ndi masiku ochepa, nthawi ya Haji, ndipo ndi imene timazinga mbuzi kapena ng'ombe n'kugawa nyama kwa abale ndi osauka.

Gondwe:
Idi yozingayo ndiye yosavuta, chifukwa nkhani yake ili m'Baibulo momwe. Abrahamu anafuna kupereka nsembe Isake, Mulungu n'kupereka nkhosa. Apa ndiye ana onse agwirizana.

Abiti Saidi (Ntaja):
Agwirizana mpaka mutatchula dzina la mwanayo, a Gondwe. Genesis 22 akuti Isake. Asilamu timati anali Ismaila, ngakhale sura 37 imene ikusimba nkhaniyi siikutchula dzina pamalopo. Mukangoti Isake ngati ndi mmene aliyense amadziwira, mikono ikwera ngati Lolemba lija. Koma mwalasa pena: nkhani imeneyi ndi yabwino kuyambira nayo, chifukwa zofanana ndi zambiri, bambo womvera Mulungu, mwana wopulumuka, nyama yolowa m'malo mwake, ndipo kusiyana kuli pamalo amodzi oonekera. Ana amaphunzirapo kunena kuti "apa tikugwirizana, apa tikusiyana" popanda kukwiya. Akazolowera pa nkhani imeneyi, za mtanda zimapepukako.

Mai a Chisomo:
Moni nonse. Ine ndimafuna kudziwa, kodi holide ya Idi ikhala liti? Tikufuna kukonza ulendo wa ana wokaona nyama ku Liwonde ndiye tisaombane nayo.

Bambo Mbewe (mphunzitsi wamkulu wopuma):
Mayi, tsiku lenileni limadziwika mwezi ukaoneka, n'chifukwa chake chilengezo chimabwera mochedwa, nthawi zina usiku woti mawa ndi Idi. Siyani masiku awiri opanda pulogalamu. Koma funso lanu landikumbutsa mbali ya phunziroli imene ana amaikonda kwambiri, ndipo siikwiyitsa munthu: chifukwa chiyani Khirisimasi siisuntha pa 25 Disembala, pamene Pasaka ndi Idi zimayendayenda?

A Nachisale, apatseni samu. Chaka cha kalendala ya pakhoma ndi masiku 365. Chaka cha Chisilamu ndi miyezi 12 yotsata mwezi wa kumwamba, masiku 354 kapena 355. Achotsere okha, apeza 10 kapena 11. Ndiye Ramazani imafulumira ndi masiku amenewo chaka chilichonse. Mu 2024 Idi inali cha pa 10 Epulo, mu 2025 inali kumapeto kwa Malichi. Afunseni kuti patapita zaka zitatu idzakhala mwezi uti, apeza okha kuti yabwerera m'mbuyo ndi mwezi wathunthu. Pakatha zaka pafupifupi 33 imakhala yazungulira nyengo zonse, ndiye pali agogo amene anafungapo m'nyengo yozizira ya Juni komanso m'dzuwa la Okutobala.

Pasaka nayo imayang'ana mwezi, koma inamangiriridwa ku Malichi: ndi Lamulungu loyamba mwezi ukakhala wathunthu pa 21 Malichi kapena pambuyo pake. Choncho imayenda pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo basi. Mu 2024 inali pa 31 Malichi, mu 2025 pa 20 Epulo. Mwana akaona kuti tchalitchi ndi mzikiti onse amawerengera mwezi womwe uja amauona usiku pakhomo pawo, amadabwa, ndipo kudabwa kotere n'kwabwino kuyamba nako musanafike pa zovuta.

Nankhoma:
Ine njira yanga ndi sewero. Chaka chatha ana anga anachita sewero la kubadwa kwa Yesu, wina Mariya, wina Yosefe, chidole m'katoni. Kenako ena anaonetsa mmene Asilamu amaswalira, tinayala chitenje pansi. Anakondwa kwambiri ndipo pa mayeso anakhoza.

Abiti Saidi (Ntaja):
Anakondwa, koma ndikufunseni mayi: pamene ankagwetsa nkhope pansi pa chitenjepo, anzawo sanaseke? Swala si sewero. Munthu amayamba watawasa, amayang'ana ku Kibula, ndipo mawu amene akunenawo ndi opatulika. Mwana wosadziwa akamatsanzira, anzake akugwa ndi phwete, wachisilamu amene ali pamenepo amamva kuwawa ngakhale sanena. Chimodzimodzi, Mkatolika sangakondwe kuona mwana atavala thumba ngati wansembe akugawa mabisiketi kuti ndi Ukaristiya. Ndipo kwa ife Yesu, amene timamutcha Isa, ndi mneneri, mayi ake Mariyamu ali ndi sura yawo mu Kurani, sura 19, ndipo sitiyerekeza aneneri m'masewero kapena kuwajambula. Mwana wachisilamu mukamupatsa gawo limenelo mwamuika pakati, akane aphunzitsi kapena alakwire makolo.

Nankhoma:
Ena anasekadi, koma ana amaseka chilichonse. Ndiye tiziphunzitsa ndi pakamwa pokha? Alangizi akabwera amafuna kuona ana akuchita kanthu, osati kungokhala.

Bambo Mbewe (mphunzitsi wamkulu wopuma):
Zochita zilipo zambiri, a Nankhoma. Malire ake ndi awa: za kunyumba ndi za m'mudzi ana angathe kusewera, za kupembedza ayi. Asewere banja likuyeza chimanga chopatsa mayi wamasiye m'mawa wa Idi. Asewere ana akulandira mlendo pa Khirisimasi. Ajambule kalendala ya chaka n'kuikapo zikondwerero. Afunsane mafunso awiriawiri, kenako aliyense anene zimene mnzake wamuuza, mwini wake avomereze kapena akonze. Koma kuswali, kudya Mgonero, kupemphera, kuimba nyimbo yotamanda, izi mwana angathe kumva zikufotokozedwa, osati kuuzidwa kuti achite.

Nangozo:
Ndithokoze a Nachisale potchula ana awiri a Mboni, chifukwa nthawi zambiri amaiwalika. Ine ndinakulira m'banja la Mboni. Ndili Sitandade 4 mphunzitsi wina anatiuza tonse tijambule khadi la Khirisimasi. Nditanena kuti kwathu sitichita, anandiimika kutsogolo kuti ndifotokozere kalasi chifukwa chake. Ndinali ndi zaka 9. Ndinangoyang'ana pansi, anzanga akuti "alibe ndalama ya mpunga". Mpaka lero ndimakumbukira fungo la choko pa bolodi limene ndinatsamira.

Chonde, musamuimike mwana kuti ayankhire chipembedzo chonse. Ngati akufuna kulankhula, mufunseni kaye panokha dzulo lake. Ndipo musanene kuti "Akhristu onse amakondwerera Khirisimasi". A Mboni sakondwerera Khirisimasi kapena Isitala. Ali ndi mwambo umodzi pa chaka, Chikumbutso cha imfa ya Yesu, dzuwa litalowa pa tsiku logwirizana ndi 14 Nisani pa kalendala ya Ayuda. Muike mzere wake pa bolodi paja, mafunso anayi omwe aja akwanira. Kumbukiraninso kuti chipembedzo chimenechi chinali choletsedwa m'dziko muno kuyambira 1967 mpaka 1993, ndipo agogo a ana amenewa ena anathawira ku Zambia ndi ku Mozambiki. Mwana akamakana kujambula si mwano, kumbuyo kwake kuli zambiri.

Abiti Saidi (Ntaja):
Mawu akuti "onse" ndi oopsa kwa ifenso. Maulidi, kukumbukira kubadwa kwa Mtumiki Muhamadi, Asilamu a Kadiriya amachita ndi sikiri, pamene ena sachita ndipo amati si za chipembedzo. Nthawi zina ngakhale tsiku la Idi timasiyana, ena lero ena mawa, malinga ndi amene avomereza kuti mwezi waoneka. Mukati "Asilamu ambiri" kapena "Asilamu ena", mwapewa mkangano wa ana a mizikiti iwiri.

aPhiri (Dedza):
Nonse mukukamba za tchalitchi ndi mzikiti. Kuno theka la anyamata a m'kalasi mwanga ndi olowa gule. Buku likuti tiphunzitsenso za chipembedzo cha makolo, koma ndikangotchula, ana a mpingo amati "za ziwanda", olowa aja amangoti duu, nkhope zolimba, chifukwa za kudambwe sizinenedwa kwa osalowa. Ndingadzaze bwanji mabokosi anayi aja pamene eni ake saloledwa kuyankha?

Bambo Mbewe (mphunzitsi wamkulu wopuma):
APhiri, lanu ndi lovuta kuposa la a Nachisale. Zimene ndingachite ine ndi kukhala pa zimene zimachitika poyera, pa bwalo, aliyense akuona. Kulamba imachitika ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia chakumapeto kwa Ogasiti, Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambiki amakapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Gule amatuluka pa maliro, pa ziliza, polonga mfumu. Bungwe la UNESCO linazindikira gule wamkulu mu 2005. Za nsembe zopempha mvula, muli ndi Khulubvi ku Nsanje kwa Mbona. Izi zonse mungathe kunena ndi chiganizo chokhala ndi mwini wake: otsatira mwambowu amakhulupirira kuti gule ndi mizimu ya makolo imene yabwera kudzacheza ndi amoyo. Osapitirira pamenepo, osafunsa mwana kuti m'katimo muli ndani. Ndipo musalankhule ngati ndi zakale, "makolo athu ankatere", pamene ana amene akuchita zimenezo akhala pa desiki patsogolo panu. Amene wanena kuti "za ziwanda" mumuletse mofanana ndi mmene mungaletsere wonyoza mtanda kapena Kurani.

aPhiri (Dedza):
Kuletsa ndimaletsa, koma mawuwo sanawapeke yekha, anawamva kwa makolo ndi ku tchalitchi. Ndikamuletsa akuti ndikutsutsa abusa. Komanso a mfumu ena kuno safuna n'komwe kuti gule atchulidwe m'kalasi, akuti sukulu ilibe nazo gawo. Ndiye mbali zonse ziwiri zikufuna ndikhale chete.

Gondwe:
Apa ndiye mwina kulumpha kuja kuli ndi malo ake. Si mutu uliwonse umene mphunzitsi angaunyamule yekha.

Bambo Mbewe (mphunzitsi wamkulu wopuma):
Yekha ayi, pamenepo ndikuvomereza. Ndikanakhala aPhiri ndikanapita kwa ahedi, tiitane a komiti ya sukulu ndi a mfumu, tiwaonetse tsamba la m'buku ndi mawu enieni amene ndikanene, iwo achotse zimene akuona kuti zapyola. Koma sindikulonjeza kuti avomera.

Nachisale (Balaka):
Ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera lero. Dzulo madzulo ndinalemba ziganizo zanga za Idi pa pepala n'kukaonetsa bambo wina wa mu komiti amene ndi mwalimu ku madarasa. Anakonza malo awiri: anati ndisalembe kuti ana onse amafunga, chifukwa lamulo limagwira amene atha msinkhu, aang'ono amangoyeserera mwina mpaka masana, ndipo odwala ndi a paulendo amadzabweza masiku ena. Za Pasaka ndinaonetsa mnzanga wa CCAP, iye anandikumbutsa kuti Njira ya Mtanda si Akhristu onse amayenda.

M'kalasi ndinayamba ndi malamulo awiri: palibe kunena mnzako kuti wabodza, ndipo ukamanena za chikhulupiriro uyambe ndi eni ake. Kenako samu ya masiku 11 ija, inatenga mphindi 10 ndipo anaikonda. Titafika pa funso lachiwiri la Pasaka, ndinabwerera ndekha kwa mnyamata uja, ndinati funso lake linali labwino, n'kulemba ziganizo ziwiri pa bolodi, china pansi pa chinzake, zilembo zofanana kukula. Ndinapempha mtsikana wa CCAP awerenge cha Asilamu, mnyamatayo awerenge cha Akhristu. Anayamba wakana. Nditamuonetsa kuti chiganizocho chikuyamba ndi "Akhristu amakhulupirira kuti", anawerenga. Wina kumbuyo anafunsabe kuti "ndiye zoona ndi ziti?" Ndinayankha monga munanenera, bambo Mbewe. Sanakhutire, ndinaona pa nkhope, koma phokoso silinabuke. Mabokosi a Idi sitinamalize, mphindi 35 zinachepa, ndiye Lolemba ndiyambira Idi kuti isakhale yotsalira nthawi zonse. Mzere wa Chikumbutso ndalemba ndekha, ana awiri aja sindinawatchule.

Kamanga:
Mwachita bwino kuti simunabise kuti ndinu Mkhristu. Pamenepo ndilibe mawu. Koma mwana amene sanakhutire uja ndi amene ndikumuganizira ine. Wafunsa funso lalikulu kuposa onse, ndipo sukulu yamubweza chimanjamanja.

Nangozo:
Sanabwerere chimanjamanja, a Kamanga, ali ndi makolo, ali ndi abusa kapena a shehe. Funso limenelo akalifunse kumeneko.

Abiti Saidi (Ntaja):
A Nachisale, chatsala ndi mayeso, chifukwa zabwino zonsezi zimatha kugwa pa pepala la kumapeto kwa teremu. Funso likati "Yesu anauka tsiku lachingati?" mwana wachisilamu ayenera kulemba chimene sakhulupirira kuti apeze malikisi. Likati "Malinga ndi chikhulupiriro cha Akhristu, Yesu anauka tsiku lachingati?" ayankha mtima uli m'malo. Muwerengenso malikisi: ngati Pasaka ndi Khirisimasi zatenga 16 pa 20, Idi 4, ana aona. Ngati mayeso anu amachokera ku zoni, tengani nkhaniyi kwa alangizi mapepala asanasindikizidwe.

Ndipo mundithandizeko nanenso. Ramazani ikagwa mkati mwa teremu, nthawi ya phala ana anga ofunga amakhala pansi pa mtengo kuyang'ana anzawo akudya, ena amawagwedezera makapu pamphuno. Ndayesa kuwasiya m'kalasi ndi mabuku, koma makolo ena akuti ndikuwapatula. Kwanu mumatani?